Pulufu ya masamba anayi, ndiichotse bwanji mafupa ake?

Wa ku Namwera: Mwaswera bwanji akuluakulu pa gulu pano. Ndavutika ndi pulufu ija tinapatsidwa m'kalasi, yonena kuti nambala iliyonse yoposa 1 imapezeka pochulukitsa mapulaimu, ndipo njira yake ndi imodzi yokha basi. Notsi zanga zadya masamba anayi. Ndikamawerenga mzere ndi mzere ndikumva bwinobwino, palibe pamene ndikukakamira. Koma ndikangotseka kope kuti ndilembe ndekha, ndikumalemba a = bq + r kenako mutu uli zii, kopita sindikukudziwa. A lekichala anati pulufu yaitali tisamailoweze, tizichotsa mafupa ake. Mafupawo amachotsedwa bwanji?

Mnyamata wa ku Monkey Bay: Zosavuta izo achemwali. 60 = 2 × 30, 30 = 2 × 15, 15 = 3 × 5. Ndiye 60 = 2 × 2 × 3 × 5. Jambulani kamtengo kaja kokhala ndi nthambi, ana anga a Fomu 1 amakakonda kwambiri.

Wa ku Namwera: Achimwene, kuphwanya 60 ndimatha. Chimene akufuna ndi kusonyeza kuti nambala ina iliyonse imaphwanyika, komanso kuti anthu awiri akaiphwanya payekhapayekha sangapeze mapulaimu osiyana.

Mnyamata wa ku Monkey Bay: Aaa, nanga zimenezo n'zofunikanso pulufu? Si zoonekeratu?

Madamu a ku Malindi: Ine ndimatenga pepala lina n'kukopera notsi zonse mwachidule, motsatira mmene zinabwerera pa bolodi. Mawu onse a "tiyeni tione" ndi "choncho" ndimataya, n'kusiya mizere ya masamu yokhayokha. Masamba anayi amatha kukhala tsamba limodzi ndi theka. Yesani zimenezo mng'ono wanga.

Akulu a ku Mpondasi: Madamu, kuchepetsako n'kwabwino, koma mukataya mawu a "choncho" mwataya molumikizira, ndipo molumikizamo ndi mmene mnzathuyu akusochera. Iye mizere akuidziwa. Chimene sakudziwa n'chakuti mzere uwu ukugwira ntchito yanji, ndipo ukutumikira uti.

Mwana wanga wa ku Namwera, yambani chonchi. Musawerenge kuyambira tsamba loyamba. Pitani pamene alemba thiyoremu yeniyeniyo, muilembe pamwamba pa pepala loyera, muone kuti ikulonjeza zinthu zingati. Iyi ikulonjeza ziwiri. Choyamba, kuti kuphwanyako kumatheka. Chachiwiri, kuti njira yake ndi imodzi, kupatula kusintha malo a mapulaimuwo. Zitchuleni A ndi B. Tsopano tengani pensulo mubwerere mu notsi, ndime iliyonse muilembe m'mbali kuti ikugwirira ntchito A kapena B. Mukatero mutiuze chimene mwapeza.

Che Makanjira: Ndafika mochedwa, netiweki kuno imabwera ikafuna. Ndikuwerenga, pitirizani.

Wa ku Namwera: Ndachita. Zandidabwitsa. A ndi kandime kamodzi kokha, theka la tsamba lachitatu. Zina zonse, kuyambira a = bq + r uja, malema atatu onse, ndi za B.

Akulu a ku Mpondasi: Eya, fupa loyamba ndi limenelo. Mumaganiza kuti ndi msewu umodzi wautali, pamene ndi misewu iwiri, wina waufupi wina wautali. Pa bolodi sizioneka chifukwa mphunzitsi amayamba ndi zida zonse kenako n'kudzanena chimene akumanga.

A mutha kumulemba m'mizere iwiri. Tiyerekeze kuti pali manambala oposa 1 osaphwanyika, titenge wamng'ono kwambiri mwa iwo, n. Iyeyo sangakhale pulaimu, chifukwa pulaimu ndi wophwanyika kale payekha. Ndiye n = ab, pamene a ndi b onse ndi oposa 1 koma ochepera n. Poti ndi ochepera n, onse amaphwanyika, ndipo mukaika zidutswa zawo pamodzi n waphwanyika, zomwe zikutsutsana ndi chimene tinayerekeza. Pa pepala la mafupa simulemba zonsezi. Mulemba kuti "A: tenga wamng'ono wokanika, n = ab, onse ochepera n". Zina zonse dzanja limadzaza lokha.

B ndiye wofuna kumutsata chobwerera. Muli ndi p₁p₂…pᵣ = q₁q₂…qₛ, onse mapulaimu. Mukufuna kusonyeza kuti p₁ ali pakati pa ma q, kuti mumuchotse mbali zonse. Dzifunseni kuti, kodi chikundipatsa mphamvu yonena zimenezo n'chiyani? Yankho lake ndi lema imene ili pamwamba pake. Pa lemayo mufunsenso funso lomwelo. Muzibwerera choncho mpaka mufike pa chinthu chimene m'kalasi munangochilandira.

Wa ku Namwera: Ndayesa, onani ngati zili bwino.

L0: a = bq + r, ndipo 0 ≤ r < b

L1: gcd(a, b) = ax + by, ya Bézout ija. Ikufuna L0.

L2: p pulaimu, p | ab, ndiye p | a kapena p | b, ya Euclid. Ikufuna L1.

L3: p | a₁a₂…aₙ, ndiye p amalowa mwa mmodzi wa iwo. Ikufuna L2.

B akufuna L3. A safuna lema iliyonse.

Akulu a ku Mpondasi: Ndondomeko mwaipeza. Koma pepala ili likadali mndandanda wa mayina. Mukalitenga kulowa nalo m'chipinda cha mayeso mudziwa kuti L2 imachokera ku L1, koma mudzaima pomwepo, chifukwa simunalembe kuti imachokera bwanji. Pa lema iliyonse pamafunika mzere umodzi wina, wonena chinthu chimene simukanachiganiza nokha. M'pulufu iliyonse mizere yambiri ndi yoti munthu wodziwa aljebura angaipeze yekha atakhala pansi. Koma pamakhala mzere umodzi kapena iwiri pamene wolembayo anatulutsa chinthu m'thumba. Umenewo ndi woti ulowe pa pepala.

Tione L2. Tinene kuti p salowa mwa a. Poti p ndi pulaimu, manambala olowa mwa iye ndi 1 ndi p basi, ndiye gcd(p, a) = 1. L1 ikutipatsa 1 = px + ay. Kufika apa palibe chodabwitsa. M'thumba mukutuluka ichi: chulukitsa mbali zonse ndi b. Mupeza b = pbx + aby. Chidutswa choyamba muli p poyera, chachiwiri muli ab amene tauzidwa kuti p amalowamo. Ndiye p amalowa mwa b. Pa pepala mulemba kuti "L2: 1 = px + ay, chulukitsa ndi b", n'kuonjezera kuti upulaimu wa p wagwira ntchito popeza gcd = 1.

Muiyese ndi manambala kuti ikhazikike. p = 7, a = 10, b = 21, ndiye ab = 210. 7 salowa mu 10. Tipeza 1 = 7 × 3 + 10 × (−2). Kuchulukitsa ndi 21 kukutipatsa 21 = 7 × 63 + 210 × (−2), kapena kuti 441 − 420. 7 amalowa mu 441, amalowanso mu 420, ndiye ayenera kulowa mu 21.

Madamu a ku Malindi: Akulu, pa L2 ine ndili ndi njira yachidule, ndipo ndi imene ndinalemba pa pepala langa. Bézout safunika n'komwe. Ngati p amalowa mwa ab, phwanyani a kukhala mapulaimu, phwanyaninso b. Mapulaimu a ab ndi omwewo mukawaphatikiza. p ali pakati pawo, ndiye anachokera kwa a kapena kwa b. Mizere itatu, nkhani yatha. L0 ndi L1 mutha kuzitaya, pepala lipepuke.

Mnyamata wa ku Monkey Bay: Iyi ndiye ndaikonda. Madamu atipulumutsa.

Che Makanjira: Mmm. Ikuoneka yokoma koma pena pake pakundinunkhira. Sindikupeza kuti ndi pati.

Akulu a ku Mpondasi: Che Makanjira, mphuno yanu ili bwino. Madamu, pamene mwati "p ali pakati pawo", mwadziwa bwanji? Chimene tili nacho ndi ab = pk. Mukaphwanya k mupeza mndandanda wa mapulaimu a ab umene muli p. Mukaphwanya a ndi b mupeza mndandanda wina. Kuti munene kuti p ali mu mndandanda wachiwiriwu, muyenera kudziwa kale kuti mindandanda iwiriyo ndi yofanana. Imeneyotu ndi B, amene tikuvutikira kumutsimikizayo. Jambulani mivi pa pepala lanu: wina uchoka pa L2 kupita kwa B, wina uchoka kwa B kubwerera pa L2. Mivi ikazungulira choncho palibe chatsimikizidwa. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti pa lema iliyonse pazilembedwa kuti "ikufuna chakuti". Mu notsi za mizeremizere kuzungulira kotere sikuoneka, chifukwa mzere uliwonse pawokha ndi woona.

Madamu a ku Malindi: Ndamva za mivi. Komabe kwa ine zikuoneka ngati tikulimbana ndi chinthu choti mwana aliyense amachidziwa. Nambala ingakhale bwanji ndi mindandanda iwiri yosiyana ya mapulaimu?

Akulu a ku Mpondasi: Tiyeni tisewere pang'ono. Tayerekezani kuti pa dziko pali manambala ogawika ndi 2 okhaokha: 2, 4, 6, 8 ndi kumapita. 1 kulibe, 3 kulibe. M'dziko limenelo 4 amaphwanyika, ndi 2 × 2. Koma 6 saphwanyika, chifukwa 2 × 3 akufuna 3 amene kulibe. 10 saphwanyika, 30 saphwanyika, 2 saphwanyika. Amenewa ndiwo mapulaimu a kumeneko. Tsopano tengani 60 wa achimwene a ku Monkey Bay uja. 60 = 2 × 30, komanso 60 = 6 × 10. Njira ziwiri, zosagwirizana ngakhale nambala imodzi.

Ndiye si zoonekeratu ayi. Ndipo masewerawa ndi muyeso wa pepala lanu. Tengani mafupa aja muyende nawo m'dziko limeneli, muone pamene akuthyoka. A akuyenda bwinobwino, nambala iliyonse ndi pulaimu kapena imaphwanyika kukhala mapulaimu. B wagwa. Ngati B wagwa, lema ina pansi pake iyenera kuti yagwa. Ndi iti?

Wa ku Namwera: L2 yagwa. 2 amalowa mu 6 × 10 chifukwa 60 = 2 × 30 ndipo 30 alipo. Koma 2 salowa mu 6 poti 3 kulibe, salowanso mu 10 poti 5 kulibe. Ndipo 1 = px + ay sizingalembedwe n'komwe, 1 kulibe. Ngakhale L0 ikuoneka yodwala: 6 kugawa ndi 2, ndingathe 6 = 2 × 2 + 2, koma chotsalacho sichochepera 2.

Akulu a ku Mpondasi: Mwaona tsono chifukwa chake pulufu ya kuchulukitsa ikuyamba ndi kugawa kokhala ndi chotsala. Njira ya Madamu ikanakhala yoona, ikanagwiranso ntchito m'dziko la manambala awa, chifukwa sikugwiritsa chilichonse chimene kumeneko kulibe. Koma 60 waikana. Lema ya p | ab ili kale m'buku lachisanu ndi chiwiri la Euclid, koma thiyoremu yonse ndi B wake, yolembedwa momveka ndi pulufu yake, anthu amaitchula kwa Gauss, mu 1801. Mtunda wonsewo ambiri ankaiona ngati yoonekeratu, ndiye Madamu simuli nokha.

Che Makanjira: Ine ndibweretse yanga, mundikhululukire ngati ndikupatutsa nkhani. Ndinachita zomwezi ndi pulufu ya √2, yoti silembedwa ngati a/b. Mafupa anga anali akuti: a² = 2b², ndiye a ndi wogawika ndi 2, a = 2k, ndiye b nayenso, kutsutsana. Ndinaikonda moti ndinaiyesa pa √4, ndipo inanditulutsira kuti √4 nayenso silembedwa ngati a/b. Pamene √4 ndi 2! Ndinangoseka ndekha n'kutseka kope.

Akulu a ku Mpondasi: Simunapatutse, ndi nkhani yomweyi. Pepala lanu linasowa mzere wonena pamene 2 wagwira ntchito monga pulaimu. Kuchoka pa "2 amalowa mwa a²" kufika pa "2 amalowa mwa a" ndi L2 yomweyi, a ndi b a mu lemayo ali nambala imodzi. Pa 4 sizitheka: 4 amalowa mu 6 × 6 = 36 koma salowa mu 6. Lamulo langa ndi lakuti mawu aliwonse amene ali mu thiyoremu, monga "pulaimu" kapena "woposa 1", ndiyenera kuloza ndi chala pa pepala kuti agwira ntchito apa. Ndikalephera kuloza, ndiye kuti ndadumpha fupa.

Yesani L2 ndi 6 muone pamene ikuthyokera. 6 amalowa mu 4 × 9 = 36. Salowa mu 4, koma gcd(6, 4) ndi 2, osati 1. Bézout akupatsani 2 = 6 × 1 + 4 × (−1). Kuchulukitsa ndi 9 mupeza 18 = 54 − 36, ndiye chimene mwatsimikiza n'chakuti 6 amalowa mu 18, osati mu 9. Mizere yonse yayenda, pathyoka malo amodzi okha.

Mnyamata wa ku Monkey Bay: Chambo chimene ndimadziwa ine timadya mnofu n'kutaya minga. Kuno mukuti titaye mnofu tisunge minga. Masamu ndi ovuta abale.

Madamu a ku Malindi: Achimwene inu khalani chete, anthu akuphunzira.

Wa ku Namwera: Nanga L1? Ndi imene yatenga tsamba lathunthu. Cha m'thumba chake ndi chiti? Ndikuona ngati zilipo ziwiri.

Akulu a ku Mpondasi: Zilipodi ziwiri. Choyamba ndi kusankha d: mwa manambala onse oposa 0 amene amalembedwa ngati ax + by, tenga wamng'ono kwambiri. Chachiwiri ndi kugawa a ndi d n'kuyang'ana chotsala. a = dq + r, ndiye r = a − dq = a(1 − qx) + b(−qy). Chotsalachi chili ndi maonekedwe omwe aja, a kuchulukitsa ndi china kuphatikiza b kuchulukitsa ndi china, koma n'chochepera d. Poti d ndiye wamng'ono mwa oposa 0, r ayenera kukhala 0. Choncho d amalowa mwa a, ndipo b n'chimodzimodzi. Gawo lotsala, loti aliyense wolowa mwa a ndi b amalowanso mwa d, ndi mzere umodzi umene mungaupeze nokha. Kuchotsera kwa a(1 − qx) kuja musakulembe pa pepala la mafupa. Mukadziwa kuti mukufuna kusonyeza kuti r ndi wa mtundu womwewo, aljebura yake imabwera.

Taonaninso kuti "tenga wamng'ono" wabwera kawiri, mu A ndi mu L1. Ndiye pamene munati A safuna lema iliyonse, n'zoona, koma akutsamira pa mfundo yoti gulu lililonse la manambala owerengera, likakhala kuti si lopanda kanthu, lili ndi wamng'ono wake. Ine ndimailemba pansi penipeni pa pepala, ndi mivi yopita ku A ndi ku L1.

L3 musataye nayo nthawi, ndi L2 yobwerezedwa, indakishoni pa kuchuluka kwa manambala. Mawu amodzi akwana.

Wa ku Namwera: B ndalemba chonchi: p₁ amalowa mu q₁…qₛ, L3 ikuti amalowa mwa q wina, ndiye ndi wofanana naye, chotsa mbali zonse, bwereza.

Che Makanjira: Pa "ndiye ndi wofanana naye" paja ndikuona kuti pakufunika chala cha akulu chija. 3 amalowa mu 12 koma si 12. Zikutheka chifukwa q nayenso ndi pulaimu, ndipo p₁ si 1.

Akulu a ku Mpondasi: Ndendende. Upulaimu ukugwira ntchito kawiri mu B: wa p potsegula L3, wa q posandutsa "amalowa" kukhala "ndi wofanana". Ambiri amalemba koyamba n'kuiwala kachiwiri. China chosowa ndi mathero a "bwereza". Mubwereza mpaka liti? Ma p akatha ma q ena atatsala, mutsala ndi 1 mbali ina ndi mapulaimu mbali inayo, zomwe sizingatheke poti onse ndi oposa 1. Apa ndi pamene r = s akutulukira, kutanthauza kuti ma p ndi ma q ndi ochuluka mofanana. Onjezani mawu ochepa a zimenezo.

Mnyamata wa ku Monkey Bay: Ndiye ndi chifukwa chake 1 timamukana kuti si pulaimu? Akanakhala pulaimu, 6 = 2 × 3 komanso 6 = 1 × 2 × 3, B wafa. Ana amandifunsa chaka chilichonse.

Akulu a ku Mpondasi: Mwaponya mwala pamalo pake achimwene.

Madamu a ku Malindi: Pa ndondomeko pokha sindikugwirizana nanu akulu. Inu mukuti thiyoremu pamwamba, malema pansi, kuyenda chobwerera. Koma pa mayeso timalemba kuyambira L0 kupita kutsogolo. Pepala likakhala chadodolido, tsiku la mayeso munthu uyenera kulitembenuza m'mutu, uku nthawi ikutha. Ine ndikhalabe ndi ndondomeko ya pa bolodi, ndingoonjezera "ikufuna chakuti" ndi cha m'thumbacho pa lema iliyonse.

Akulu a ku Mpondasi: Sindikutsutsani kwenikweni. Chobwerera ndi njira yopezera mafupa, chifukwa funso loti "ndikufuna chiyani kuti ndinene izi" ndi limene limakubweza ukasochera pakati. Mukawapeza, kuwalemba kuyambira pansi kapena pamwamba ndi nkhani ya mutu wa munthu. Ine wanga umagwira kuchokera pamwamba.

Muyeso wake ndi umodzi kwa tonse. Tsekani notsi, mutsale ndi pepala la mafupa lokha, mulembe pulufu yonse. Pamene mwakakamira kwa nthawi, ndiye kuti pakusowa mzere, uonjezeni. Mzere umene simunauyang'ane n'komwe polemba, ufufuteni. Musayese tsiku lomwelo limene mwapanga pepalalo, chifukwa notsi zimakhala zikadali m'maso ndipo mudzinamiza. Dikirani mawa kapena mkuja. N'chifukwa chakenso pepala la mnzanu silingakuthandizeni kwambiri: chimene kwa Madamu n'chodziwikiratu, kwa inu mwina ndi pamene mumagwera.

Wa ku Namwera: Lakwana theka la tsamba. Funso lomaliza: akafunsa pa mayeso kuti titsimikize thiyoremu yonseyi, kodi tiyambire pa L0 ndi L1, kapena tingotchula lema ya Euclid n'kupitirira?

Madamu a ku Malindi: Onani malikisi. Akakhala ochepa, tchulani L2 ndi dzina n'kupita ku A ndi B.

Che Makanjira: Ine ndimaopa. Mukangotchula, wochonga wina amati mwathawa pamene panali ntchito yeniyeni. Ndikanalemba L2 ndi mizere yake inayi ija, n'kungotchula Bézout.

Akulu a ku Mpondasi: Zimenezo sindingakuyankhireni, zimatengera mawu a funso ndi wochonga wake. Funso likati mutha kugwiritsa ntchito lema ya Euclid, musataye nthawi. Likakhala chete, ndingatsate Che Makanjira. Koma kafunseni a lekichala sabata ino kuti malire awo ali pati, ndipo akayankha mujambule mzere pa pepala lanu pamalo pomwepo, pansi pa L2 kapena pansi pa L1.